Dzina la katundu liziyamba, mawu oyamikira adzabwera pambuyo

Ntchito yanga ndi yothandiza amalonda kuika katundu wawo pa intaneti, ndipo cholakwika chimene ndimakonza kwambiri chili pa mzere woyamba, pamene timalemba mutu wa katundu. Bambo wina wogulitsa zipangizo za sola anandionetsa foni yake akudandaula kuti anthu sakumufunsa n'komwe. Pa Facebook Marketplace anali atalemba chonchi:

```
Yatsopano, yolimba kwambiri, yotsika mtengo!!! Batire ya sola
```

Ndinawerenga zilembo pamodzi ndi mipata yake. Zinakwana 47 tisanafike pa liwu loti batire. Wogula akamayendetsa chala pa foni amaona tizithunzi tondandalikana, ndipo pansi pa kalikonse pamakhala malo ochepa kwambiri a mawu. Mutu ukatalika, umadulidwa kumapeto n'kuikidwa timadontho titatu. Choncho anthu ankangoona kuti pali chinthu chatsopano komanso cholimba, osadziwa kuti n'chiyani. Ngakhale kumene amalola mutu wautali, vutoli silichoka. Ku eBay malire ndi zilembo 80. Google imalola 150 pa mitu ya katundu, koma imachenjeza yokha kuti wogula nthawi zambiri amaona zoyambirira 70 kapena kucheperapo, malinga ndi kukula kwa sikirini yake.

Bamboyo sindinamudzudzule, chifukwa anangochita zimene amachita pamsika. Pamsika ukafuula kuti "zotchipa, zolimba!" wodutsa amacheuka, maso ake n'kumuuza kuti ukugulitsa chiyani, mwinanso n'kunyamula katunduyo kuti amve kulemera kwake. Pa foni alibe mwayi umenewo. Batire ya 100Ah ndi ya 120Ah zimaoneka chimodzimodzi pa kachithunzi, ndipo ya galimoto siisiyana kwenikweni ndi ya sola. Zimene chithunzi chalephera kunena ziyenera kunenedwa ndi mutu.

Tinalembanso motere:

```
Batire ya sola 12V 100Ah gel, yatsopano
```

Pofika chilembo cha 24, wogula wadziwa kale kuti ndi batire, ndi ya sola, ndi ya 12V, ndipo kukula kwake ndi 100Ah. Foni idule pamene ikufuna, zofunika zadutsa kale. Chichewa chathu chimatithandizanso apa, pakuti timati "batire yolimba", dzina patsogolo, kufotokoza pambuyo. Timangosokonezeka tikayamba kulemba ngati tikuitanira malonda.

Palinso nkhani ya kabokosi kofufuzira. Munthu amene magetsi amuthimira ndipo akufuna batire salembamo kuti "yabwino kwambiri". Amalemba dzina la chinthucho ndi nambala imene wokonza magetsi wamuuza, ndipo makina amafunafuna mitu imene muli mawu ofanana ndi amenewo. Mutu woyamba uja munalibe 100Ah paliponse. Apa muyeneranso kumvetsera mmene makasitomala anu amalembera. Ngati ambiri amalemba `solar battery 100Ah`, mawu amenewo akhalemo mu mutu wanu, ngakhale zina zonse muzifotokoze m'Chichewa.

Chovuta kwa ambiri ndi kusankha mfundo yotsatira dzina, chifukwa katundu amakhala ndi zambiri zoti n'kunena. Ine ndimauza wamalonda kuti atsegule mauthenga ake a pa WhatsApp, aone funso limene anthu amayamba kufunsa asanafunse mtengo. Kwa bambo uja pafupifupi aliyense ankayamba ndi "ndi ya ma ampusi angati?" Funso limenelo likamabwera mobwerezabwereza, dziwani kuti mutu wanu wasiya chinthu chofunika. Mfundo yoyenera ndi imene ikalakwika wogula amabweza katundu, monga saizi ikakhala nsapato. Ngati anthu amafufuza katunduyo potchula kampani yomupanga, monga zimakhalira ndi mafoni, dzina la kampani ndi modelo zikhale koyambirira komweko.

Mwina mwaona kuti liwu loti "yatsopano" sindinalichotse. Limenelo likunena zoona zimene wogula angatsimikize, ndipo pa batire kusiyana kwa yatsopano ndi yogwirapo kale ntchito n'kwakukulu. Koma "yolimba kwambiri" aliyense amalemba, ngakhale wogulitsa batire yotheratu, ndiye silikusiyanitsani ndi mnzanu. Ngati batire yanu ndi yolimbadi, lembani m'munsi, pofotokoza katunduyo, kuti galanti yake ndi ya miyezi ingati. "Yotsika mtengo" ndinachotseratu chifukwa mtengo uli ndi malo akeake, ndipo wogula amauona pafupi ndi mitengo ya ena.

Tisanasiyane ndinabwereka foni yaing'ono ya mnyamata wogwira ntchito m'shopumo, n'kufufuza batireyo ngati kasitomala. Mutu unadukabe kumapeto, koma chimene chinasowa chinali "yatsopano" chabe.