Mfunsiro wa mu kolosiwedi sufunsa funso

Kusukulu tinaphunzira kuti mfunsiro umaikidwa pamapeto pa funso. Mu kolosiwedi, masewera aja odzaza mawu m'timabokosi, chizindikirochi chili ndi ntchito ina. Wopanga masewerawo akachiika pamapeto pa mawu okulozerani yankho, amakhala akukuchenjezani kuti tanthauzo loyamba limene labwera m'mutu mwanu si limene iye akufuna.

Tiyese ndi chitsanzo chimene ndapanga m'Chichewa. Ndikalemba kuti "Chopesera tsitsi (7)", yankho ndi CHIPESO, ndipo palibe chobisika. Nambala ili kumapetoyo ikungonena kuti zilembo zake ndi 7. Koma ndingathenso kulemba kuti "Chili ndi mano ambiri pamutu? (7)". Maganizo amathamangira kwa ng'ona kapena fisi, pamene yankho likadali CHIPESO. Sindinaname paliponse: chipeso chili ndi mano, ndipo ntchito yake imachitikira pamutu. Ndangokusocheretsani, ndipo mfunsirowo ndiwo kuvomera kwanga kuti ndatero. Amene anakula akuponyerana zilapi madzulo sachedwa kuugwira msampha wotere.

M'manyuzipepala a ku Britain muli msampha wina wakale umene umaoneka chonchi:

```
Flower of London? (6)
```

Wowerenga Chingerezi aliyense amaona duwa. Amayesa ROSE, koma zilembo zake ndi 4. Kenako apeza VIOLET, ya zilembo 6, n'kuilemba mokondwa. Vuto limaonekera pamene mawu odutsana nawo ayamba kulowa. Tinene kuti mayankho otsika apereka T m'kabokosi koyamba, A m'kachitatu ndi E m'kachisanu. VIOLET yagwa pomwepo, chifukwa imayamba ndi V. Apa m'pamene muyenera kubwerera ku mfunsiro uja n'kuwerenga liwu loyambalo mwa njira ina. Mukalidula kukhala `flow` ndi `er`, likutanthauza chinthu choyenda ngati madzi, ndiye kuti mtsinje. Mtsinje wa ku London ndi THAMES, ndipo T, A ndi E akhala pamalo pake.

Chimene ndimalangiza oyamba kumene n'chakuti mukaona mfunsiro musafulumire kulemba, ngakhale mwapeza liwu lokwana bwinobwino m'timabokosi. Dzazani kaye mayankho odutsana nalo. Kenako tengani mawu okulozeraniwo limodzilimodzi, n'kudzifunsa kuti lomwe lili ndi matanthauzo awiri ndi liti. Kawirikawiri limakhala limodzi lokha.

Musaudalire kwambiri mfunsirowu, chifukwa kusowa kwake sikutanthauza kuti zonse zili poyera. Nyuzipepala ya New York Times, imene inayamba kusindikiza kolosiwedi mu 1942, imakonza masewera ake kuti azilimba pamene sabata ikupita: Lolemba amakhala ofewa, Loweruka ndiye ovuta zedi. Kumapeto kwa sabatako mawu osocheretsa amatha kubwera opanda chenjezo lililonse. Ku Britain nako, m'masewera a mawu obisika amene manyuzipepala monga The Times amasindikiza, pafupifupi mzere uliwonse ndi msampha kale, choncho mfunsiro umagwiranso ntchito ina yaing'ono. Umatha kusonyeza kuti chimene mwapatsidwacho ndi chitsanzo chabe cha yankho. M'Chichewa tingalembe "Chambo? (6)" yankho n'kukhala NSOMBA, popeza chambo ndi nsomba, koma si nsomba iliyonse imene ili chambo.

Nkhani ya zidule ndi yosavuta. Yankho likakhala chidule, wopanga masewera ayenera kukuuzani. A ku Amereka amalemba `Abbr.` kumapeto, kapena amafupikitsa liwu limodzi mwa mawu okulozeraniwo, monga `org.` m'malo molemba liwu lonse lotanthauza bungwe. Kwathu kuno tingalembe "Bungwe loyendetsa mpira ku Malawi, mwachidule (3)", yankho n'kukhala FAM.

Lamulo lina, limene ngakhale mfunsiro sungaliphwanye, ndi lakuti mawu okulozerani ndi yankho zigwirizane pa galamala. Akafunsa zinthu zambiri, yankho likhale la zambiri. Akalemba za nthawi yakale, yankho likhalenso la nthawi yakale. N'chifukwa chake osewera m'Chingerezi amalemberatu S m'kabokosi komaliza ka yankho la zinthu zambiri, ndi pensulo, poti mawu ngati MICE, otanthauza mbewa zambiri, alibe S. M'Chichewa thandizo lotere lili kumayambiriro kwa liwu. Taonaninso msampha wa chipeso uja: unayamba ndi "chili", zimene zikanachotsa ng'ona ndi fisi msangamsanga, chifukwa timati ng'ona ili, fisi ali. Mukanatha kuyesa CH m'timabokosi tiwiri toyamba musanaganize n'komwe za mano. Ndikanalemba kuti "Zili ndi mano ambiri pamutu? (6)", yankho likanakhala ZIPESO.