Mukachotsa nodi mu mtengo wa AVL, musaime potembenuza koyamba

Mwezi uno wokha ndawona cholakwika ichi katatu, ndipo komaliza anali mnyamata wa ku Chibavi amene anabwera ndi laputopu yake madzulo kukuzizira, akunena kuti pulogalamu yake ikuyenda bwinobwino. Anatenga khodi yolowetsera nambala mu mtengo, naisintha pang'ono kuti ikhale yochotsera. Akapeza nodi yopendekeka amaitembenuza kamodzi, kenako `return`. Ndatopa nazo zimenezi.

Chimakunamizani n'chakuti polowetsa, kutembenuza kumodzi kumakwanadi. Nthambi inatalika, mwaitembenuza, yabwerera pa msinkhu wake wakale, ndipo makolo ake onse mpaka kumuzu sadziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu. Pochotsa sizili choncho. Kutembenuza kumawongola nthambiyo, koma kawirikawiri kumaisiya itafupika ndi sitepe imodzi. Kholo lake, ngati linali lopendekera kale mbali inayo, tsopano lapendekeka ndi masitepe awiri, pamene lamulo la Adelson-Velsky ndi Landis la mu 1962 limalola kusiyana kwa sitepe imodzi basi.

Mtengo umene ndinamujambulira pakope ndi uwu:

```
          8
      5       11
    3   7   10  12
   2 4 6   9
  1
```

Uli ndi manodi 12, ndipo mtengo wa AVL wa misinkhu isanu sungakhale ndi ochepa kuposa pamenepa. Nodi iliyonse yokhala ndi ana yapendekera kumanzere mpaka polekezera lamulo. Ndinamuuza kuti achotse 12.

Vuto loyamba aliyense amaliwona. Nodi 11 ili ndi msinkhu 2 kumanzere, kumanja kulibe kanthu. Titembenuzira kumanja: 10 akwera, 9 akhala kumanzere kwake, 11 kumanja. Mnyamatayo anamwetulira apa, poti kanthambiko kakuwoneka bwino. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, nthambi iyi inali ndi msinkhu wanji tisanachotse?" Anati 3. Nanga pano? Anawerenga ndi chala, nati 2, ndipo anangoti chete.

Kwezani maso pa 8. Kumanzere kwake, pansi pa 5, msinkhu ndi 4. Kumanja tsopano ndi 2. Muzu weniweniwo wapendekeka, ndipo wapendekeka chifukwa cha kukonza kwathu komwe. Tiyenera kutembenuzanso: 5 akhala muzu, 8 atsikira kumanja kwake, ndipo 7 ndi mwana wake 6 asamuka kukakhala kumanzere kwa 8. Tsopano mbali zonse za 5 zili ndi msinkhu 3. Tachotsa nambala imodzi, tatembenuza kawiri, ndipo mu mtengo waukulu wa maonekedwe awa zingapitirire chomwecho ulendo wonse wokwera kumuzu.

Sindikuti muzikwera mpaka kumuzu nthawi zonse. Poima palipo, koma chizindikiro chake ndi msinkhu. Mukafika pa nthambi imene msinkhu wake sunasinthe, imani, kaya mwatembenuza kaya ayi:

```
while (p != NULL) {
    int kale = p->height;
    p = rebalance(p);
    if (p->height == kale) break;
    p = p->parent;
}
```

Apa `rebalance` imawerengeranso msinkhu, kutembenuza ngati pakufunika, n'kubweza nodi imene ili pamwamba pa nthambiyo tsopano. Ndipo `p` ayambire pa kholo la nodi imene yazulidwadi. Ngati yochotsedwayo inali ndi ana awiri ndipo mwaika yoitsatira m'malo mwake, dzenje lili pamene yoitsatirayo inali, choncho yambirani kumeneko.

Pali chinthu china chimene khodi yolowetsera sichidziwa konse. Pochotsa, mwana wa mbali yolemerayo angakhale ndi nthambi ziwiri zofanana msinkhu. Pamenepo tembenuzani kumodzi, osati kuwiri kophatikiza, ndipo msinkhu sutsika, ndiye mwamaliza. Ambiri amalakwa apa polemba `>` pofunika `>=`.

Chimandiwawa n'chakuti cholakwikachi sichifuula. Mtengo wopendekeka umapezabe nambala iliyonse, ndipo mukausindikiza mwandondomeko mupeza 1 mpaka 11 zili m'malo mwake. N'chifukwa chake anthu aja ogulitsa mapulojekiti okopera pa intaneti amakuwonetsani zotsatira pasikirini, inu n'kulipira mokondwa. Mayeso awo sayang'ana msinkhu. Mukachedwa kuchigwira, kuchotsa kwina kumawonjezera pa kupendekeka kwakale, kusiyana kufika 3, ndipo khodi yoyembekezera 2 ndendende imangodutsa osawona kanthu. Podzazindikira kuti kufufuza kwayamba kuchedwa, simudziwanso kuti ndi kuchotsa kuti kunayambitsa.

Lembani lero kachidutswa koyenda mtengo wonse, kowerengera msinkhu kuchokera kumasamba osakhulupirira `height` yosungidwa, ndipo kaziimitsa pulogalamu kakapeza kusiyana koposa 1. Muzikayendetsa mukangochotsa nambala iliyonse poyesa. Mnyamata uja atatero ndi mtengo uwu, kanaima pa 8.