Mafunso ndi mayankho: zitsanzo za makalata odzifotokoza ndi makina ofananitsa zolemba

Chiyambireni nyengo yofunsira sikolashipu, pa benchi ya ofesi yathu yolangiza ophunzira kuno ku Salima sipakusowa anthu, ndipo mafunso ake ndi omwewomwewo.

"Kodi kuwerenga zitsanzo n'koletsedwa?"

Ayi. Cholakwika n'kutenga ziganizo zake.

"Zitsanzo munatipatsa ndinu, lero kalata yanga yagwidwa. Wolakwa ndani?"

Tinagawadi zitsanzo, sitikukana. Komanso tinanena kuti n'zowerenga chabe, ngakhale tikuvomereza kuti mwina sitinatsindike mokwanira. Chimene chimachitika n'chakuti pulogalamu ngati Turnitin imafananitsa mawu otsatizana a m'kalata yanu ndi za pa intaneti, zosindikizidwa, ndi zimene ophunzira ena anatumizapo kale. Chitsanzo chimodzi chikadutsa m'mafoni a anthu ambiri, aliyense n'kutapako chiganizo choyamba, amene watumiza mochedwa ndiye amaoneka ngati wabera anzake onse. UCAS, ofesi ya ku Britain yolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite, nayo imafananitsa kalata iliyonse ndi zakale, ndipo ikapeza zofanana kwambiri imadziwitsa mayunivesite amene mwafunsirako malo.

"Ndi maperesenti angati amene ali bwino?"

Apa sitingakulonjezeni nambala, chifukwa sukulu iliyonse ili ndi muyezo wake. Pa mitundu ina ya Turnitin, kufanana kwa 1 mpaka 24 peresenti kumaoneka kobiriwira, koma chobiriwira si chikhululukiro. Kalata ya 8 peresenti imene yonseyo ndi ndime imodzi yotengedwa malo amodzi ndi yoopsa kuposa ya 15 peresenti yongofanana maina a sukulu ndi a maphunziro. Makina amangoloza pofanana, woweruza ndi munthu. Tsegulani lipotilo muone pamene papakidwa utoto, osangoyang'ana nambala.

"Nanga ndikangosintha mawu ena?"

Mafupa a chiganizo amatsalabe, ndipo owerenga amawazindikira. Werengani zitsanzo ziwiri kapena zitatu, mulembe m'Chichewa ntchito ya ndime iliyonse: iyi ikutchula vuto, iyi ikuonetsa zimene mwini wake anachita. Kenaka tsekani, papite masiku awiri, mulembe zanu osasuzumira. Tiyerekeze mwana wa ku Lifuwu amene akufuna za ulimi. Chitsanzo chimayamba ndi mawu otanthauza kuti "ndakonda ulimi kuyambira ndili mwana", amene alembedwapo kambirimbiri. Iye ayambe ndi chaka chimene madzi anachepa m'ngalande, mpunga wa mayi ake n'kupserera usanabereke, ndi zimene anachitapo. Zimenezo palibe makina angazipeze kwina.

"Mnzanga ali ndi akaunti ya Turnitin, andiyezere?"

Chenjerani. Ngati akauntiyo imasunga zolemba, kalata yanu ikhala m'nkhokwe, ndipo tsiku limene sukulu ina idzaiyeze pa Turnitin idzafanana ndi iyo yomwe, mwina pafupifupi 100 peresenti. Kuichotsamo kumafuna kuti sukulu ya mnzanuyo ipemphe, ndipo si za tsiku limodzi. Mufunseni kaye ngati yaikidwa pa "no repository", kutanthauza kuti sisunga zolemba. Akayamba kukanda m'mutu, musamupatse.