Agogo akachepetsa kudya, asidya awachimwanji?

"Agogo akungotsina mbamu ziwiri nʼkusamba mʼmanja. Kodi sanalodzedwe?"

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri kuno ku Nsanje, ndipo limandiwawa chifukwa limadanitsa anthu pachabe. Palibe wawalodza, chasintha ndi thupi lawo.

Munthu akamakula, mʼmimba mumachedwa kukankhira chakudya mʼmatumbo. Nsima yamapira yomwe agogo anadya masana imakhala ikadalimo dzuwa likamalowa, ndipo thupi limatumiza msanga ku ubongo uthenga woti lakhuta. Akamati "ndakhuta, mwanangu," sakunama. Mphuno nayo imafooka, mlamba wowamba sununkhiranso ngati kale. Mano aguluka, mʼkamwa mumauma makamaka ngati akumwa mankhwala ena, ndiye mbamu imavuta kumeza.

Ludzu nalo limachepa, ndipo ichi ndimachiopa kwambiri. Mʼkutentha kwa Okutobala kuchigwa kuno agogo amatha tsiku osapempha madzi. Chimbudzi chimauma, mimba nʼkumangika, njala nʼkutheratu.

Musawaunjikire mbale. Apatseni pangʼono kanayi kapena kasanu patsiku: phala lothira nsinjiro, dzira, nsomba yochotsa minga, ndiwo zamsuzi wambiri. Kapu yamadzi kapena thobwa ikhale pambali pa mphasa, muziwakumbutsa kumwa.

Komabe ukalamba wokha umachepetsa kudya mwapangʼonopangʼono, pazaka. Ngati asiya kudya mwadzidzidzi, chakudya chikuima pakhosi, chimbudzi chikutuluka chakuda bii, kapena malaya akuwakhwepa mʼmiyezi yochepa, thamangani nawo kuchipatala.