Munthu akati "LEKANI", mum'chotse pamindandanda yonse

Tiyerekeze kuti mumagulitsa usipa ndi batala wa ku Nkhata Bay, ndipo katundu amafika ku Mzuzu Lachiwiri ndi Lachisanu. Makasitomala anu alipo 300. Mndandanda umodzi wa Broadcast pa WhatsApp Business, wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, umalola anthu 256 okha, choncho muugawa pawiri: wina wa ku Chibavi ndi Luwinga, wina wa ku Katoto ndi Mchengautuwa.

Musanamuike munthu pamndandanda, m'funseni: "Mayi, ndizikutumizirani mitengo kawiri pa sabata? Mukatopa nazo mudzangolemba kuti LEKANI." Akavomera, lembani m'kope dzina, tsiku ndi mndandanda umene mwamuikapo. Kugula nsomba kamodzi si chilolezo, ndipo malamulo a WhatsApp Business amafuna kuti munthu ayambe wavomera. M'pempheninso asunge nambala yanu pomwepo mukuona, chifukwa uthenga wa Broadcast umafika kwa okhawo amene anaisunga. Ngati pa Info pakuonetsa kuti kwa wina uthenga sukufika sabata ndi sabata pomwe macheza wamba akuyenda, kawirikawiri vuto limakhala lomweli.

Munalonjeza kawiri, zikhale kawiri basi. Usipa ukatsala Loweruka, mtima umafuna kutumizanso, koma ikani zimenezo pa Status. Munthu wotopa nawo mauthenga nthawi zambiri sadandaula, amangodina Block kapena Report, ndipo oterewa akachuluka nambala ya bizinesi ikhoza kutsekedwa. Mapulogalamu osavomerezeka olonjeza kutumiza okha mauthenga ambirimbiri pa nthawi yoikika akhoza kukutseketsani chimodzimodzi. Kulibwino kulemberatu uthenga madzulo, n'kutchera alamu ya 7 koloko m'mawa kuti muutumize nokha anthu asanakonze za ndiwo.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi apa. Mayi wina amakhala ku Chibavi koma amagwira ntchito ku Katoto, ndiye analowa m'mindandanda yonse iwiri. Lachinayi usiku walemba kuti LEKANI. Inu mwam'chotsa pa wa ku Chibavi, wa ku Katoto mwaiwala, Lachisanu m'mawa mitengo ya usipa yam'fikanso. Kwa iye ndiye kuti mwamunyoza, ndipo m'pomveka.

Yankho lake limabwera kwa inu nokha, m'macheza a awiri, ndipo silisintha kanthu pamndandanda. Kuchotsako n'kwa manja anu. Tsegulani mndandanda uliwonse, pitani pa Edit recipients, mum'chotse, kenako mudule mzere dzina lake m'kope muja. Muyankheni kamodzi kokha: "Zikomo mayi, takuchotsani. Mukafuna nsomba mudzatiuza." Musam'funse chifukwa. Mawu ngati "basi", "zakwana" kapena a Chitumbuka akuti "lekani kunitumira" muwawerengenso chimodzimodzi, si onse amene adzalembe ndendende monga munawauzira.

Ngati mumagwiritsa ntchito chida chovomerezeka chosunga uthenga mpaka nthawi yake, onaninso mayina uthengawo usananyamuke, popeza mwina unakonzedwa Lachitatu mayiyo asanakane. Ndipo akadzabweranso kudzagula, musam'bwezere pamndandanda pokhapokha atapempha yekha.