Khadi ikamezedwa, musatayipenso pini

Pa ntchito yanga yoona za makhadi kubanki, ndimakumana ndi anthu a mitundu iwiri amene makina a ATM, otapira ndalama, awamezera khadi. Ena amabwera atakwiya, koma ndalama zawo zili bwinobwino, ndipo chimene ataya ndi nthawi basi. Ena amabwera ali phee, akuganiza kuti khadi yagona m'makina usiku wonse, ndiye tikatsegula akaunti timapeza kuti munthu wina watapa kale ndalama. Chimene chimasiyanitsa anthu awiriwa nthawi zambiri ndi pini, nambala yachinsinsi ija. Khadi yopanda pini singatulutse ndalama pa makina. Choncho funso loyamba khadi ikasowa m'manja mwanu ndi lakuti, kodi pali wina amene akuidziwa pini yanga, kapena amene angathe kuilota?

Pini ya manambala anayi ingathe kukhala iliyonse kuyambira 0000 mpaka 9999, kutanthauza kuti zilipo 10,000. Banki imalola kuti munthu alakwitse katatu kokha, kenako imatseka khadi. Wakuba amene watola khadi yanu n'kumangoyesa mwachisawawa ali ndi mwayi wa 3 pa 10,000, umene ndi wochepa zedi. Chitetezo chonse chagona pamenepa. Koma masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha ngati pini yanu ilibe chochita ndi moyo wanu.

Taganizirani chikwama chimene chasololedwa mu minibasi ya ku Ndirande kapena pa Wenela. Muli khadi ya kubanki, ndipo pafupi nayo pali chiphaso cha unzika, chimene chili ndi tsiku, mwezi ndi chaka chimene munabadwa. Ngati munabadwa pa 14 Malichi 1987, wakubayo sayesa manambala 10,000. Ayamba ndi 1987, kenako 1403, kenako 0387. Mpata wake ndi katatu, ndipo inu mwamupatsa mayankho atatu olembedwa bwino pa chiphaso cha boma. Ndimamva chisoni kwambiri ndi nkhani zotere chifukwa mwini wake amalumbira kuti sanauze munthu pini, ndipo amanena zoona.

Zina zoyenera kupewa n'zodziwikiratu: 1234, 0000, 1111, manambala omaliza a foni yanu, chaka chimene mwana woyamba anabadwa. Palinso 2580, imene ambiri amaiona ngati yovuta, chonsecho ndi mzere wapakati wa mabatani kutsika pansi, ndipo munthu woima kumbuyo amaiwerenga pongoona mmene chala chikuyendera.

Pini yabwino ndi imene simunaiganize nokha, chifukwa mutu wa munthu umathamangira ku zinthu zimene ukuzidziwa kale. Njira imene ndimauza anthu ndi iyi. Tengani ndalama yapepala iliyonse m'thumba, yang'anani nambala yake yaitali ija, mutengepo manambala awiri omaliza. Tenganinso ndalama ina muchite chimodzimodzi, ndipo muphatikize. Mukatero kaguleni zinthu ndi ndalamazo kuti zichoke. Manambala anayi amenewo alibe ubale ndi inu, ndipo ngakhale mkazi wanu kapena mwamuna wanu sangawalote. Zikatuluka zooneka zophweka ngati 2222, tengani ndalama zina. Kuti muisunge m'mutu, igaweni pawiri ngati mmene munaipezera, ndipo muigwiritse ntchito kangapo m'sabata yoyamba. Musailembe pa khadi, pa kapepala ka m'chikwama, kapena m'foni pa dzina lakuti banki. Kusintha pini kumatheka pa makina a banki yanu, pamene palembedwa PIN Change kapena mawu ofanana nawo, apo ayi kunthambi.

Chinanso chimene ndimalimbikira n'chakuti pini ya khadi isafanane ndi ya Mpamba kapena Airtel Money, ngakhalenso yotsegulira foni. Ya pafoni mumaitayipa kangapo pa tsiku, pa kauntala ya ejenti, mumsika wa Limbe, anthu atakuzungulirani. Munthu akaiona pamenepo, asakhale kuti wapezeratu ndi ya kubanki yomwe. Dziwaninso kuti ife ogwira ntchito kubanki sitiona pini yanu pa kompyuta, ndipo palibe ntchito imene tingaifunire. Woyimba foni kukufunsani pini, kaya akutchula dzina lanu lonse molondola, si wa kubanki.

Tsopano za kumeza. Makina amasunga khadi pa zifukwa zingapo. Mwina mwalakwitsa pini katatu, mwina khadi inatha nthawi yake kapena inatsekedwa kale, mwina magetsi kapena netiweki yadula pakati pa ntchito. Chifukwa china chofala ndi kuchedwa kuitenga: makina akaitulutsa inu n'kukhala mukuyankha foni, pakapita masekondi pafupifupi 30 amaibweza mkati kuti wobwera pambuyo panu asaitole. Pa nkhani ya kulakwitsa, kumbukirani kuti kusamukira pa makina ena sikufufuta zimene mwalakwitsa kale. Mukalakwitsa kawiri pa Ginnery Corner, kachitatu kali pomwepo ngakhale mupite ku Chichiri. Mukalakwitsa kawiri, tengani khadi yanu muzipita, mukaganize bwino muli kunyumba.

M'zochitika zonsezi khadi imakhala mkati mwa makina, ndipo ili pabwino. Koma pali kumeza kwina kumene sikwa makina. Akuba amalowetsa kapulasitiki kopyapyala pakamwa pa makina, kamene kamagwira khadi kuti isalowe mpaka mkati komanso isatuluke. Inu mukachoka, iwo amasolola kapulasitikiko pamodzi ndi khadi yanu. Chimene akusowa ndi pini yokha, n'chifukwa chake pamapezeka munthu wachifundo pafupi.

Tiyerekeze mayi wina, mphunzitsi wa ku Bangwe, amene wapita pa makina a ATM ku Limbe Lachisanu lakumapeto kwa mwezi, cha m'ma 6 koloko madzulo, nthambi itatsekedwa. Walowetsa khadi, koma palibe chikuchitika. Bambo wovala bwino amene ali kumbuyo akuti, “Mayi, makinawa amatero, inenso anandichita dzulo. Tayipani pini yanu kawiri, kenako dinani Cancel, ituluka.” Mayiyo akatayipa, bamboyo waiona. Khadi situluka, mayiyo akukwera minibasi n'cholinga chodzabwera Lolemba, ndipo bamboyo ali ndi khadi, pini, komanso masiku awiri athunthu. Banki imaika malire a ndalama zimene munthu angatape pa tsiku, koma malirewo amayambiranso tsiku lililonse, ndipo khadi yomweyo ikhoza kugulanso katundu m'sitolo. Pofika Lolemba, malipiro a mwezi wonse akhoza kukhala atapita.

Mayiyu akanadziwa bwanji kuti ndi msampha? Makina akasunga khadi mwa dongosolo, nthawi zambiri amanena. Pa sikirini pamabwera mawu ngati Card retained, ndipo ena amatulutsa kalisiti. Ukakhala msampha, kawirikawiri makina amaoneka ngati sakudziwa n'komwe kuti muli khadi, amapitiriza kuonetsa zotsatsa malonda kapena kupempha kuti mulowetse khadi. Pakamwa pake pakhoza kuoneka potukuka, pogwedera kapena pa zomatira. Koma chizindikiro chachikulu ndi malangizo aja. Palibe makina amene amalavula khadi chifukwa chotayipanso pini. Kudina Cancel kamodzi n'kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu kulibe vuto, chifukwa makina amene anangozima amatha kubweza khadi akadzuka. Pini ndiye ayi.

Chimene mayiyu anayenera kuchita ndi kutseka khadi asanachoke pamalopo. Izi zimachitika poyimbira foni ku banki imene inamupatsa khadiyo, ndipo mabanki ambiri amalolanso kutseka kudzera pa apu ya pafoni. Vuto n'lakuti nambala yoyimbira imalembedwa kuseri kwa khadi, ndipo khadiyo ili m'makina. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muikopere nambalayo m'foni lero, khadi ikadali m'manja. Musayimbe nambala imene mlendo wakupatsani kapena ya pa kapepala komatidwa pambali pa makina. Kubanki akufunsani dzina, nambala ya akaunti kapena ya chiphaso kuti atsimikize kuti ndinudi, ndipo mufunse nambala ya dandaulo lanu musanadule foni.

Ena amakana kutseka, amati khadi yatsopano ndi yolipira komanso imachedwa. N'zoona, ndipo ndikumvetsa kuti kumapeto kwa mwezi ndalama iliyonse ili ndi ntchito. Ngati nthambi ili yotsegula, makinawo ali pakhoma pake, ndipo analemba poyera kuti asunga khadi, mukhoza kulowa mkati n'kukanena nthawi yomweyo, ndipo mwina khadiyo muilandiranso akatsegula makina. Koma ngati ndi usiku, kumapeto kwa sabata, kapena simukudziwa chimene chachitika, tsekani. Kumbukirani kuti makhadi a Visa ndi Mastercard angathe kugula zinthu pa intaneti popanda pini, pongogwiritsa ntchito nambala yaitali ya khadi, tsiku lothera ndi manambala atatu a kuseri. Ndalama zanu sizitsekedwa limodzi ndi khadi, mungathe kukatapa pa kauntala ndi chiphaso kapena kuzitumiza pafoni.

Alonda a pa makina musawavutitse. Alibe makiyi, ndipo sangatulutse khadi. Thandizo lawo ndi kukhala mboni komanso kuima nanu pamene mukuyimba foni. Musawasiyire pini kuti akuyesereni, ndipo musatokose makina ndi waya kapena kiyi.

Musanachoke lembani nthawi, malo, dzina la banki ya makinawo, ndi ndalama zimene mumafuna kutapa. Ngati pali lisiti, sungani. Ngati uthenga wabwera pafoni kuti ndalama zachotsedwa koma simunalandire kanthu, musaufufute. Makina amalemba chilichonse chimene achita, ndipo akawerenga ndalama zotsala m'kati amaona ngati sanatulutse, n'kukubwezerani. Nthawi yeniyeni imene mwalemba ija ndi imene imatithandiza kupeza mzere wanu msanga, komanso kudziwa poyang'ana pa zithunzi za kamera.

Pali kusiyana pakati pa makina a banki yanu ndi a banki ina. Kuchokera mu 2015, National Switch inalumikiza makina a mabanki a m'dziko muno, moti khadi ya banki imodzi imatapa pa makina a ina. Koma banki ya makinawo sikudziwani, ilibe siginecha yanu, ndipo kawirikawiri sipereka khadi ya banki ina kwa munthu wongobwera pa kauntala. Imaitumiza kwa eni ake kapena kuiwononga. Choncho dandaulo lanu, la khadi ngakhalenso la ndalama zimene sizinatuluke, likaperekedwe ku banki yanu, ndipo iwo ndi amene amalondola nkhaniyo ku banki inayo.

Popita kunthambi tengani chiphaso cha unzika ndi zimene munalemba zija, ndipo pemphani sitetimenti ya masiku amenewo. Mukaona ndalama zimene simunatape, lembani dandaulo tsiku lomwelo, musunge kope yodindidwa, ndipo mukanenenso kupolisi. Banki ikapanda kukuthandizani mokhutiritsa, nkhaniyo mungathe kuipititsa ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Akakubwezerani khadi yakale kapena kukupatsani yatsopano, ikani pini ina nthawi yomweyo, makamaka ngati panali munthu pafupi pamene munkatayipa.