Yang'anani chiphuphucho musanagule mankhwala

Mayi wina wa ku Ulongwe anabwera kwa ine ndi mwana wake wamkazi wa zaka 15. Pamphumi ndi pamphuno pa mtsikanayo panali timitu takuda tambirimbiri, masaya atasupuka ngati wapsa. Anali atapaka mankhwala a ziphuphu, benzoyilo perokisaidi wa 10 peresenti, m'mawa ndi madzulo sabata yonse. "Adokotala, atigulitsa achinyengo," anatero mayiwo. Mankhwalawo anali enieni ndithu, kungoti sanali oyenerera ziphuphu za mwanayo, komanso anali aukali kwambiri.

Chiphuphu chimayambira m'kabowo kakang'ono ka pakhungu kamene kamatulutsa mafuta. Mwana akamatha msinkhu mafutawo amachuluka, n'kusakanikirana ndi khungu lakufa, kabowo n'kutsekeka. Kakatsekeka chabe timaona kamutu kakuda kapena koyera, kosapweteka. Kudako si litsiro ayi, ndi mpweya umene wadetsa zotsekazo, n'chifukwa chake kukhula nkhope ndi chinkhupule sikuthandiza. Koma tizilombo tokhala pakhungu tikaswana m'kabowo kotsekekako, pamatupa, kuwawa, kenako mafinya.

Salisiliki asidi, mankhwala enanso a ziphuphu, ndi wa timitu tija. Amasungunuka m'mafuta, choncho amalowa m'kabowo n'kumasula zotsekazo pang'onopang'ono. Amapezeka wa 0.5 mpaka 2 peresenti, m'zosambira kumaso kapena zopaka. Kupha tizilombo si ntchito yake kwenikweni, ndiye pa ziphuphu zamafinya amachepa mphamvu. Ndi pachibale ndi asipirini, kotero amene thupi lake limadana ndi asipirini asamugwiritse ntchito.

Benzoyilo perokisaidi ndiye wa zotupa ndi zamafinya. Amatulutsa okosijeni m'kabowo, ndipo tizilombo ta ziphuphu sitipirira okosijeni. Chimene ndimamukondera n'chakuti tizilombo sitimuzolowera monga timachitira ndi mankhwala ena opha tizilombo. Timitu amachepetsanso, koma amaumitsa khungu kwambiri. Alipo wa 2.5, wa 5 ndi wa 10 peresenti, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amalakwira poganiza kuti nambala yaikulu ichiritsa msanga. Wa 2.5 amagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi wa 10. Chimene chimakwera ndi nambala ndi kuwotcha. Pakhungu lakuda ngati lathu, pamene papsa pamasiya banga lodera limene limatha miyezi lisanazimiririke, mwana n'kumadandaula ndi mabangawo kuposa ziphuphu zimene anayamba nazo.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti asiye zonse kwa sabata imodzi, azingosamba ndi sopo wosaluma kawiri patsiku mpaka masaya atapola. Kenako anayamba chosambira cha salisiliki asidi wa 2 peresenti madzulo okha, kusiya thovu mphindi imodzi asanatsukuluze. Pachibwano panali ziphuphu zamafinya zochepa. Pamenepo pokha anayamba kupakapo benzoyilo perokisaidi wa 2.5, kadontho kosaposa njere ya khobwe, kudumphitsa tsiku, patapita milungu iwiri kuchokera pamene anayamba choyambacho. Ndinatalikitsa dala, chifukwa mukayamba onse awiri tsiku limodzi nkhope n'kuthetheka, simudziwa wolakwa ndi uti. Ndinamuuzanso kuti azipaka dera lonse limene ziphuphu zimakonda kutuluka, osati pachiphuphu chokha, popeza mankhwalawa amatchinga zimene zikubwera kuposa kuchotsa zimene zatuluka kale. Mayi ake ndinawachenjeza kuti benzoyilo perokisaidi amasuwitsa nsalu: pilo, thaulo, chitenje, ngakhale kolala ya yunifolomu.

Kusintha kumaoneka pakatha milungu 6 mpaka 8. Kuuma pang'ono ndi kufundula m'masiku oyamba n'kwachibadwa, ingodumphitsani masiku. Koma zikope kapena milomo ikatupa, thupi n'kuyabwa ndi zidzolo, siyani pomwepo muthamangire kuchipatala.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Ku Angoniya ndi ku Tsangano, mu Juni ndi Julayi khungu limauma kale ndi chisanu, choncho mankhwalawa amaluma msanga. Pakani mafuta opepuka odzola kumaso, osati vaselini wochindikala pamphumi. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, chubu cha benzoyilo perokisaidi chisakhale pawindo kapena m'galimoto, chifukwa kutentha kumamuwononga.

Onse awiriwa saletsa khungu kupanga mafuta. Nkhope idzawalabe masana, ndipo mukasiya kupaka ziphuphu zimatha kubwerera. Salimbananso ndi ziphuphu zikuluzikulu zolimba za mkati mwa khungu, zimene zimasiya zipsera zokumbika. Mwana wotero, kapena amene wapaka bwinobwino miyezi itatu osasintha, mupite naye kuchipatala. Ndipo chonde, musamugulire mafuta oyeretsa khungu a pamsika kuti achotse mabanga. Ambiri mwa mafutawo muli mankhwala amphamvu otchedwa siteroidi, amene amasalaza nkhope kwa milungu ingapo, kenako n'kutulutsa ziphuphu zochuluka kuposa poyamba.